Mayina akatsamirana m'Chiheberi: lasenza nkhani ndi liti?

Vuto limene ndimalipeza kawirikawiri m'makope a ophunzira Chiheberi cha m'Baibulo silichokera pa kusadziwa mawu. Munthu amakhala kuti liwu lililonse walipeza m'dikishonale, tanthauzo lake walilemba pansi pake bwinobwino, koma akati aphatikize zonse, chiganizo chimatuluka chopindika. Mfotokozi wamupatsa dzina lolakwika, "wanga" wamuika pomwe si pake, kapena mneni akukana kugwirizana ndi dzina lomwe iye akuliyesa mwininkhani. Mukafufuza pomwe zinayambira, nthawi zambiri mumapeza kuti panali mayina awiri kapena atatu ondondozana, omwe Aheberi amawamanga pamodzi popanda kaliwu kena pakati.

Akatswiri achiyuda a galamala amatcha kamangidwe aka semikuti, kuchokera ku liwu lotanthauza kutsamira kapena kuchirikiza. Dzina loyamba limatsamira, lotsatira limachirikiza, ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko yomwe mwaiikira phanda. Ine ndizingoti unyolo wa mayina. Mawu a Chiheberi ndawalemba m'zilembo zathu mosavuta kuti aliyense athe kuwatchula, ndipo amene ali ndi Baibulo la Chiheberi atsegule mavesiwo aone yekha timadontho.

Ophunzira amafunsa kuti, kodi pa mayina awiriwa lalikulu ndi liti? Funsoli lili ndi mafunso atatu m'kati mwake, ndipo chisokonezo chimabwera munthu akawayankha ndi yankho limodzi. Pa galamala, mutu wa unyolo ndi dzina loyamba: *devar hammelek* ndi mawu a mfumu, ndipo chimene tikukamba ndi mawu, osati mfumu. Pa kamvekedwe zinthu zimatembenuka, pakuti mphamvu ya liwu imagwera pa dzina lomaliza, loyambalo n'kufupika. Ndiye pali funso la tanthauzo, loti kodi wolembayo maso ake ali pa chiyani. Apa dzina loyamba limapambanabe nthawi zambiri, koma pali magulu angapo odziwika pomwe limangokhala ngati muyeso kapena chovala cha dzina lachiwiri. Langizo langa ndi lakuti muziyamba ndi dzina loyamba nthawi zonse, ndipo musamachokepo popanda umboni womwe mungauloze ndi chala pa tsambalo.

Ife a Chichewa tili ndi mwayi pang'ono. Tikati "nyumba ya mfumu yagwa", ka "ya" kaja kamatiuza kale kuti mutu ndi nyumba, ndipo tikasintha n'kuti "chipewa cha mfumu chagwa", mgwirizano wonse umatsata chipewa. Khutu lathu linazolowera kutsata dzina loyamba. Koma mwayi womwewu ndi msampha, chifukwa "wa", "ya", "cha" amalowa paliponse mosavuta, ndiye wophunzira amangowaza "wa" pakati pa mayina onse n'kumaona ngati wamasulira, pomwe sanasankhe kalikonse.

Yambani mwapeza pomwe unyolo wathera

Musanakangane za dzina lalikulu, dziwani kaye malire. Dzina lotsamira limasintha maonekedwe chifukwa lataya mphamvu ya liwu. *Davar* amakhala *devar*, *bayit* amakhala *beit*, mayina achikazi othera ndi *-ah* amathera ndi *-at* monga *torah* kukhala *torat*, ndipo ochuluka othera ndi *-im* amathera ndi *-ei* monga *banim* kukhala *benei*. Nthawi zina pamakhala kamzere kam'mwamba kolumikiza mawu awiri, kotchedwa makefu, ngakhale kuti kamzereka kamalumikizanso mawu ena omwe si unyolo, choncho musakadalire pakokha.

Mayina ena sasintha konse. *Melek*, *sefer* ndi *keshet* amaoneka chimodzimodzi, atsamire asatsamire. Apa n'kosavuta kuyang'ana kumapeto kusiyana ndi kumayambiriro. Unyolo umatha mukafika pa dzina lokhala ndi *ha-* kumaso kwake, kaliwu kosonyeza chinthu chodziwika kale, kapena lokhala ndi kachidutswa ka umwini kumapeto monga *-i* wotanthauza "wanga", kapena dzina la munthu kapena malo. Zitatuzi sizikhala pakati pa unyolo wamba. Mukaziona, ikani chizindikiro ndi pensulo, unyolo wathera pamenepo.

Chimenechi chikutiuzanso chinthu china. Dzina lomaliza ndi lomwe limagamula ngati unyolo wonse ukukamba chinthu chodziwika kale kapena chinthu china chilichonse. Chichewa chilibe kaliwu konga *ha-*, ndiye ambiri timangodumpha, koma kusiyana kwake kumamveka. *Ben-Yishai* ndi mwana wa Jese uja tikumudziwa. Pa 1 Samueli 16:18, mnyamata wa Sauli akufotokoza za munthu woyimba zeze yemwe mfumu sikumudziwa, ndipo sagwiritsa ntchito unyolo. Akunena kuti *ben le-Yishai*, mwana wina wa Jese, pakuti Jese anali ndi ana aamuna 8. Kuti dzina lomaliza lili ndi mphamvu imeneyi sizitanthauza kuti ndiye mutu. Woyimba zezeyo ndi mwana, osati Jese.

Mfotokozi akuoneka kuti ali pa dzina lolakwika

Chizindikiro cha vuto ili ndi kumasulira konga "chisoti cha golide wamkulu". Chimachititsa ndi lamulo loti mfotokozi saloledwa kulowa pakati pa unyolo. Ngakhale akhale wa dzina loyamba, amadikira panja mpaka mayina onse atha, ndiye amapezeka atayandikana ndi dzina lomaliza, ndipo diso limamupereka kwa loyandikana naloyo.

Mankhwala ake ndi kuyang'ana ngati mfotokoziyo ndi wachimuna kapena wachikazi, wa chimodzi kapena wa zambiri. Pa Estere 8:15 Mordekai akutuluka pamaso pa mfumu atavala *ateret zahav gedolah*. *Ateret*, chisoti chaufumu, ndi dzina lachikazi. *Zahav*, golide, ndi lachimuna. *Gedolah* ali ndi mathero achikazi, choncho chachikulu ndi chisoti. Tsopano tsegulani Eksodo 25:31, pomwe pali *menorat zahav tahor*. Kamangidwe n'komweko, dzina loyamba lachikazi, lachiwiri golide yemweyo. Koma *tahor* ndi wachimuna, ndiye woyengeka ndi golide, osati choikapo nyale. Akadafuna kunena za choikapo nyalecho akadati *tehorah*, monga mmene Levitiko 24:4 akuchitchulira. Mavesi awiri aja, Estere 8:15 ndi Eksodo 25:31, ndimawalemba moyandikana pa bolodi tsiku loyamba lomwe, chifukwa munthu akawaona kamodzi saiwalanso.

Zimavuta mayina onse awiri akakhala achimuna ndi a chimodzi. Chichewa chimaidziwa nkhani imeneyi. Wina akati "mwana wa mbusa wamkulu wabwera", mumafunsa kuti wamkuluyo ndani, mwana kapena mbusa? Genesis 10:21 ali chomwecho. Vesi likukamba za Semu ndipo likumutcha *ahi Yefet haggadol*: m'bale, Yafeti, wamkulu. Kodi Semu ndi mkulu wake wa Yafeti, kapena ndi m'bale wa Yafeti wamkuluyo? Omasulira akale anagawanika. Septuajinti ya Chigiriki inapereka ukulu kwa Yafeti, pomwe Vuligeti ya Chilatini inaupereka kwa Semu.

Mathero a mawu akasowa chonena, fufuzani malo ena pomwe kamangidwe komweko kakupezeka ndipo tanthauzo lake n'losakayikitsa. Oweruza 9:5 amathandiza. Abimeleki atapha abale ake pa mwala umodzi, anatsala *Yotam ben-Yerubbaal hakkaton*. Palibe angaganize kuti wamng'onoyo ndi Yerubaala, bambo wa ana 70. Wamng'ono ndi Yotamu, ndipo mfotokozi walumpha dzina la munthu n'kukagwira *ben*. Izi zikukokera Genesis 10:21 kwa Semu. Onjezani kuti ana a Nowa akamatchulidwa pamodzi Semu ndiye amayamba, komanso kuti m'mutu 10 mbumba yake yaikidwa kumapeto, ndiye pali chifukwa chomveka choti wolemba akumbutse kuti iyeyu ndiye mkulu. A mbali inayo ali ndi masamu awo. Genesis 5:32 akuti Nowa anayamba kubereka ali ndi zaka 500, chigumula chinabwera ali ndi zaka 600, koma Genesis 11:10 akuti Semu anali ndi zaka 100 patapita zaka 2 chigumula chitachitika, ndiye zikuoneka ngati wina anabadwa iye asanabadwe. Ine ndimatsamira kwa Semu chifukwa cha kamangidwe ka chiganizo, koma wophunzira amene wasankha Yafeti n'kulemba zifukwa zake sindimuchotsera malikisi. Amene ndimamuchotsera ndi amene sanazindikire n'komwe kuti panali chosankha.

"Wanga" wakhala pa dzina lomaliza, koma sakumveka

Salimo 2:6 likutcha Ziyoni *har kodshi*. Liwu ndi liwu, ndi phiri la kupatulika kwanga. Wophunzira wina anandilembera ndime yonse yofotokoza kuti phirili ndi pomwe Mulungu amasungira chiyero chake. Maganizowo anali okoma, koma anamangidwa pa kusamvetsa. Chiheberi chili ndi afotokozi ochepa, ndipo kawirikawiri chimagwiritsa ntchito dzina lachiwiri pofotokoza loyamba. *Har kodesh* ndi phiri lopatulika. Kachidutswa ka umwini, monga mfotokozi uja, sikaloledwa kudula unyolo, ndiye kamakakamira kumapeto ngakhale kali ka unyolo wonse. Tanthauzo ndi phiri langa lopatulika.

Koma musathamange n'kupanga lamulo loti "wanga" aliyense azibwerera ku dzina loyamba. *Beit avi* ndi nyumba ya bambo anga, osati nyumba yanga yaubambo. Chosiyanitsa ndi mtundu wa dzina lomalizalo. Likakhala munthu kapena chinthu chomwe chingakhale ndi chake, umwini umakhala pomwepo. Likakhala khalidwe, chinthu chopangira zinthu, kapena ntchito yomwe chinthu chimagwira, yesani kulisandutsa mfotokozi ndipo mubweze umwini ku dzina loyamba. Pa Deuteronomo 1:41 aliyense anamangirira *kelei milhamto*, zida zake zankhondo, osati zida za nkhondo yake. Pa Yesaya 2:20 munthu adzataya *elilei kaspo*, mafano ake asiliva. Chichewa chimatithandiza pano kuposa mmene timaganizira, chifukwa nafenso timati "munthu wanzeru" ndi "mphika wadothi", ndipo palibe amati "mphika wa dothi langa" akafuna kunena mphika wake.

Mneni akukana dzina loyamba

Apa ndi pomwe kulemera kumasunthiradi kumbuyo. Mwachizolowezi mneni amatsata dzina loyamba. Genesis 1:2 ali ndi *ruah Elohim merahefet*, ndipo *merahefet* ndi wachikazi wa chimodzi, wogwirizana ndi *ruah*. Anthu amakangana ngati *ruah* pano ndi mzimu kapena mphepo, koma palibe mkangano pa chomwe chikuyendayenda pamwamba pa madzi.

Ndiye mumafika pa Eksodo 15:20, *vattetsena kol-hannashim*, akazi onse anatuluka pambuyo pa Miriamu. *Kol* ndi dzina, tanthauzo lake ndi uthunthu, ndipo pa galamala ndi lomwe latsamira. Koma mneni ndi wachikazi wa zambiri, akutsata akazi. Palibe cholakwika. *Kol* amangoyeza, ndipo zoyezedwazo ndiye nkhani. Mayina ena a muyeso amachitanso chimodzimodzi: *rov* (kuchuluka), *mispar* (chiwerengero), *shear* (chotsala), *mivhar* (chosankhika). Pa Eksodo 15:4, *mivhar shalishav tubbeu*, dzina loyamba ndi la chimodzi koma mneni ndi wa zambiri, chifukwa omira m'nyanja ndi akapitawo a Farao, osati kusankhika kwawo. M'Chichewa mungati akapitawo ake osankhika anamizidwa, dzina loyamba lija n'kusanduka mfotokozi.

Njira yoyesera yomwe ndimaphunzitsa ndi kuphimba ndi chala. Phimbani dzina loyamba muwerenge chiganizo, kenaka phimbani lachiwiri muwerengenso. Dzina lomwe mukaliphimba chiganizo chikugwa ndi lomwe lasenza nkhani. Mukaphimba *mivhar*, akapitawo ake anamizidwa, chiganizo chilipobe. Mukaphimba *shalishav*, kusankhika kunamizidwa, palibe chomveka.

Nthawi zina mneni amatsata dzina lachiwiri ngakhale loyambalo si la muyeso, makamaka mu ndakatulo. M'pemphero la Hana, 1 Samueli 2:4, muli *keshet gibborim hattim*. Uta ndi dzina lachikazi la chimodzi, koma *hattim*, othyoka, ndi wachimuna wa zambiri monga *gibborim*, ngwazi. Wolakatula wayamba ndi uta koma maso ake ali pa anthu ake, ndipo mzere wotsatira ukutsimikiza zimenezi pokamba za anthu opunthwa omwe amanga mphamvu m'chiuno. Apa sindikanachotsa uta m'kumasulira, koma ndikanadziwa kuti kuthyoka kwa uta ndi kuthyoka kwa eni ake. Genesis 4:10 imafanana nayo, *kol demei ahika tsoakim*, pomwe ofuula ndi magazi, omwe m'Chiheberi ali mu zambiri, osati liwu. Chenjerani kuti *kol* uyu ndi wa chilembo china, kofu, ndipo amatanthauza liwu, si *kol* wa "onse" uja. Ena amamuwerenga ngati mfuwu woti "tamvera!", ndipo mukatero kusagwirizana kuja kumatha kokha.

Unyolo wa mayina 6 pa Yesaya 21:17

Tiyeni tiyende ndi vesi limodzi kuyambira pachiyambi. Yesaya akulosera za Kedara, fuko la m'chipululu cha kumpoto kwa Arabiya, lomwe Genesis 25:13 amalitchula pakati pa ana a Ismaele. Vesi 16 lanena kuti pasanathe chaka ulemerero wonse wa Kedara udzatha. Vesi 17 likuyamba motere:

וּשְׁאָר מִסְפַּר־קֶשֶׁת גִּבּוֹרֵי בְנֵי־קֵדָר יִמְעָטוּ

*Ushear mispar-keshet gibborei venei-Kedar yimatu.* Mukawaza "wa" paliponse mupeza izi: ndipo chotsala cha chiwerengero cha uta wa ngwazi za ana a Kedara adzachepa. Aliyense wa Chichewa amva kuti "chotsala" ndi "adzachepa" sizikuyendera limodzi, ndipo khutu limenelo likunena zoona za Chiheberinso.

Choyamba malire. *Kedar* ndi dzina la fuko, ndiye unyolo watha pamenepo, ndipo wonse ukukamba anthu odziwika. Tikabwerera m'mbuyo, *benei* ndi *gibborei* onse ali ndi *-ei*, atsamira mosakayikitsa. *Mispar* naye watsamira, ndipo umboni ndi kachizindikiro ka pansi pa chilembo cha pe: lembo la liwu lafupika, lakhala kamzere kokha m'malo mwa kamzere kokhala ndi mchira. *Shear* sasintha maonekedwe, koma chotsala chiyenera kukhala cha chinachake. Wokayikitsa ndi *keshet* yekha, ndipo tibwerera kwa iye.

Chachiwiri mneni. *Yimatu* ndi wachimuna wa zambiri, adzachepa. Tsopano yendani ndi mneniyu dzina ndi dzina. *Shear* ndi wachimuna wa chimodzi, sakugwirizana. *Mispar* chimodzimodzi. *Keshet* ndi wachikazi wa chimodzi, ayi ndithu. Dzina loyamba lomwe likugwirizana ndi mneni ndi lachinayi, *gibborei*, ngwazi. *Benei* nalonso ndi lachimuna la zambiri, koma *benei Kedar* ndi dzina la fuko basi, monga *benei Yisrael*, likungotiuza kuti ngwazizo n'zakuti.

Chachitatu, funsani ngati pali chifukwa chomveka choti mayina atatu oyamba alumphidwe. Awiri oyamba ndi a muyeso, gulu lomwe taliona kale likusiyira dzina lotsatira. Yobu 38:21 ali ndi *mispar yameka rabbim*, chiwerengero cha masiku ako n'chochuluka, ndipo *rabbim* akutsata masiku osati chiwerengero. Ndiye *mispar* kulumphidwa si zachilendo. *Keshet* taona kale m'pemphero la Hana akusiyira *gibborim* omwewa.

Tsopano *keshet* uja. Popeza sasintha maonekedwe, pali njira ziwiri zowerengera. Mungati watsamira, unyolo ndi umodzi wa mayina 6, mauta a ngwazi za Kedara. Kapena mungati unyolo woyamba wathera pa iye, ndipo uta ukuimira oponya mivi, monga ife timatchulira anthu ndi chida chawo tikati pa dimba pakufunika makasu khumi. Mukatero pali maunyolo awiri oyandikana, wachiwiri ukufotokoza woyamba: otsala mwa oponya mivi, ngwazi za Kedara. Omasulira ambiri atenga njira yachiwiriyi. Chosangalatsa n'chakuti njira zonse ziwiri zikukafika pa anthu omwewo. Ine ndikanalemba kuti: oponya mivi otsala mwa ngwazi za Kedara adzakhala owerengeka. Taonani kuti *mispar* sanatayike, walowa mu "owerengeka", ndipo *shear*, yemwe pa galamala ndi mutu wa zonse, wasanduka mfotokozi "otsala".

Ntchito yonseyi imatenga mphindi zochepa munthu akazolowera, koma dongosolo lake n'lofunika. Amene amayamba ndi kufunsa kuti liwu lofunika pa zauzimu ndi liti amasankha uta, chifukwa uta umalalikika bwino, n'kuiwala kuti mneni wakana kale.

Mwana yemwe si mwana, mwini yemwe si mwini

Gulu lina lomwe limapusitsa ndi la *ben*, *bat*, *ish* ndi *baal*. Davide atamva fanizo la Natani anati munthuyo ndi *ben-mavet* (2 Samueli 12:5). Imfa ilibe mwana, ndipo tanthauzo ndi munthu woyenera kufa. Abrahamu pa Genesis 21:5 ndi *ben-meat shanah*, wa zaka 100. Abale a Yosefe pomunyoza anamutcha *baal hahalomot* (Genesis 37:19), mwinimaloto, wolotalota uja. Mose podandaula anati iye si *ish devarim* (Eksodo 4:10), si munthu wodziwa kulankhula. Ifenso tili nazo zotere, mwanadiso si mwana wobadwa kwa diso, ndipo Chiheberi chimatcha chinthu chomwecho *bat ayin*, mwana wamkazi wa diso.

Koma apa samalani ndi njira yophimba ndi chala ija. Dzina loyamba ndi lopepuka pa tanthauzo, komabe ndi lomwe likuloza munthu, ndipo mneni amalitsatabe. Wobwera ku Dotani ndi Yosefe, osati maloto. Ndiye yankho la funso loti lalikulu ndi liti limagawika pakati: woloza ndi woyamba, wofotokoza ndi wachiwiri. Pomasulira, *ben* kapena *baal* amasanduka "munthu wa" kapena kungoti "wo-", ndipo dzina lachiwiri limapereka khalidwe.

*Bat Tsiyon* ndi wamtundu wina. Mukati mwana wamkazi wa Ziyoni, wowerenga amayamba kufunafuna mayi ndi mwana, anthu awiri. Akatswiri ambiri amati ndi mmodzi, mzinda womwewo ukutchedwa mwana wamkazi, monga *nehar Perat* pa Genesis 15:18 ndi mtsinje womwe dzina lake ndi Firate. Ifenso timati mtsinje wa Shire osaganiza kuti Shire ndi mwini mtsinje. Poyesa, ikani "amene ndi" pakati pa mayina awiriwo. Zikamveka, mayinawo akuloza chinthu chimodzi ndipo palibe chifukwa chowapikisanitsa.

Mukapeza dzina limodzi litabwerezedwa, lachiwiri lili mu zambiri, monga *kodesh hakkodashim* kapena *eved avadim* pa Genesis 9:25, musafufuze mutu. Ndi njira yonenera kupambana zonse, malo opatulika koposa, kapolo wotsikitsitsa.

Pomwe njira zonsezi zimathera

Pali vuto limodzi lomwe mathero a mawu, mneni kapena chala sizingalithetse. Mungadziwe bwino kuti mutu ndi dzina loyamba, koma ngati dzinalo ndi la chochitika monga mantha, chikondi kapena chiwawa, unyolo sukuuzani ngati dzina lachiwiri ndi wochita kapena wochitiridwa. Obadiya vesi 10 akudzudzula Edomu chifukwa cha *hamas ahika Yaakov*. Mukalemba kuti chiwawa cha m'bale wako Yakobo, m'Chichewa zimveka kuti Yakobo ndiye wachiwawa, zomwe zikutembenuza uneneri wonse chadodolido. Mavesi otsatira akufotokoza Edomu ataimirira potero pomwe alendo akulowa pa zipata za Yerusalemu, ndi kutchinga othawa pa mphambano. Ndi chiwawa chomwe unachitira m'bale wako. *Yirat YHWH* pa Miyambo 1:7 palibe amasokonezeka nayo, chifukwa aliyense amadziwa woopa ndi woopedwa, koma kamangidwe n'komweko.

Apa "cha" wathu ndi woopsa kuposa pena paliponse, chifukwa amakokera wowerenga kwa wochita osamuchenjeza. Chomwe ndimachita ndi kusandutsa dzina loyambalo mneni, n'kulemba ziganizo ziwiri m'mphepete mwa tsamba: Yakobo anachita chiwawa, Yakobo anachitiridwa chiwawa. Kenaka ndimawerenga mavesi asanu a m'mbuyo ndi asanu a kutsogolo, n'kufufuta chiganizo chomwe nkhaniyo yachikana. Pa Obadiya chimodzi chimafufutika msanga. Pa Genesis 18:20, *zaakat Sedom*, kulira kwa Sodomu, zimatenga nthawi, chifukwa mzinda womwe ukunenezedwa ndi womwewonso muli anthu oponderezedwa omwe angakhale akulira. Ambiri amamasulira kuti ndi dandaulo lonena za Sodomu, ndipo Genesis 19:13 amawathandiza, poti pamenepo angelo akunena za kulira komweko ngati chifukwa chowonongera malowo. Pa vesi ngati ili ndimasiya ziganizo zonse ziwiri m'mphepete, chimodzi chokha n'kuchidula mzere kunsi.